Zolemba za ntchito: kuphunzitsa azaumoyo kumvana ndi odwala osamva, osaona ndi ochedwa kumvetsa zinthu

Masabata okonzekera

Tisanalembe phunziro lililonse, tinayamba takhala m'zipinda zoonera odwala ndi pawindo la ku famase, tikungoonerera, odwalawo atatilola. Chimene chinaonekera msanga si nkhanza ayi. Anamwino ndi madokotala ambiri amalandira odwala olumala mwaulemu ndithu. Vuto lili kumapeto: wazaumoyo amafotokoza, kenako amafunsa kuti "Mwamva?", wodwala amagwedeza mutu, nkhani yathera pomwepo. Wosamva amagwedeza mutu chifukwa watopa ndi kufunsa kuti abwereze. Wosaona amavomera chifukwa anamvadi mawuwo, koma mawuwo anali akuti "muzimwa awa m'mawa, awo usiku", ndipo chala chimene chimaloza iye sanachione. Munthu wa ulumali wa muubongo, uja amachedwa kumvetsa ndi kuphunzira zinthu kuyambira ali mwana, amavomera chifukwa moyo wake wonse waona kuti "inde" ndiye amathetsa mafunso.

Choncho tagwirizana kuti ntchito yonseyi iyezedwe ndi chinthu chimodzi: wodwala asanatuluke, kodi wasonyeza yekha, ndi mawu ake, manja ake kapena zochita zake, chimene akukachita kunyumba? Pepala loonerera lili ndi mafunso ochepa ozungulira pomwepo. Kodi wazaumoyo anafunsa wodwalayo njira imene amalankhulirana ndi anthu? Kodi analankhula ndi mwini wakeyo kapena ndi womuperekeza? Kodi ananena asanamukhudze? Kodi wodwalayo anabweza yekha malangizo?

Ena m'gulu mwathu ankafuna kuti tiphunzitse chinenero chamanja. Takana kulonjeza zimenezo. Chinenero chamanja ndi chinenero chathunthu, chili ndi malamulo ake ndipo chimasiyana dziko ndi dziko. Munthu sangachidziwe m'masiku owerengeka. Namwino amene waloweza zizindikiro makumi awiri n'kuyamba kudziona ngati womasulira ndi woopsa kuposa amene akudziwa kuti sadziwa. Tiphunzitsa moni, "dikirani", "kupweteka", "ndikuitana womasulira", basi.

Ophunzitsa akhala anthu osamva, osaona, ndi ena a ulumali wa muubongo amene adzipereka limodzi ndi owathandiza, ndipo onse alipidwa ngati aphunzitsi, osati ngati zitsanzo zobwera nazo m'kalasi. Taitananso alonda a pageti ndi olemba mayina pakhomo, chifukwa odwala ambiri amatayika asanaonane n'komwe ndi dokotala. Kwa akuluakulu ofunsa chifukwa chake tikuchotsa antchito m'mawodi, tawakumbutsa ndime 25 ya pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu olumala, imene imati azaumoyo apereke chithandizo chofanana ndi cha wina aliyense, munthu atavomera mwaufulu komanso atamvetsa. Lipoti la 2022 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu olumala ndi pafupifupi 1.3 biliyoni, munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse. Si odwala apatalipatali.

Sabata yoyamba: odwala osamva

Mphunzitsi wathu wosamva anayamba ndi masewero amene anathetsa mkangano wa kuwerenga milomo. Anauza namwino wina, kudzera mwa womasulira, kuti atchule "pa", "ba" ndi "ma" osatulutsa mawu, anzake alembe zimene aona. Palibe amene anatha kuzisiyanitsa, chifukwa zonse zitatu zimatseka milomo mofanana. "Fa" ndi "va" chimodzimodzi. Mawu ngati "ka" ndi "ga" amapangikira kukhosi, pamilomo saoneka n'komwe. Wowerenga milomo amatola zidutswa, zotsalazo amangoganizira malinga ndi nkhani, ndipo dzina la mankhwala limene sanalionepo alibe poliganizira. Kukuwa sikuthandiza: kumakhotetsa milomo, nkhope n'kuoneka yokwiya.

Zokonza m'chipinda zinapita mofulumira. Nkhope ikhale poyera, windo lisakhale kumbuyo kwa wolankhula, masiki atsitsidwe ngati palibe choletsa, ndipo osalankhula uku ukulemba mufayilo mutu uli pansi. Pofuna kuti wodwala atembenuke, mumukhudze pang'ono paphewa kapena mukupize dzanja pamene akuona. Pamzere wodikira, kuitana dzina mokweza kulibe ntchito. Wolemba mayina aike chizindikiro pafayilo ndipo wina apite kukamutenga.

Pa kulemba papepala tinachedwapo. Azaumoyo ambiri amakhulupirira kuti cholembera chimathetsa zonse. Kwa munthu amene anasiya kumva atakula, n'zoona. Koma amene anabadwa wosamva, chinenero cholembedwa ndi chachiwiri kwa iye, ndipo anachiphunzira osachimvapo. Ana osamva opitirira 90 pa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, ndiye ambiri amachedwa kupeza chinenero chilichonse. Ena sanapiteko kusukulu ndipo amangogwiritsa ntchito zizindikiro za pakhomo pawo, zimene ngakhale womasulira waluso amavutika nazo. N'chifukwa chake funso loyamba liyenera kukhala lakuti munthuyu akufuna tilankhulane bwanji, osati kumuganizira.

Womasulira amakhala pambali pa dokotala, chakumbuyo pang'ono, kuti wodwala aziona onse awiri nthawi imodzi. Dokotala aziyang'ana wodwala n'kumati "Bambo, mukumva kupweteka pati?", osati "Afunseni ngati akumva kupweteka." Chimene chinawavuta kwambiri ophunzira ndi ichi: wosamva sangayang'ane pepala ndi womasulira nthawi imodzi. Ukaloza chithunzi uku ukulankhula, chimodzi mwa ziwirizo chatayika. Lankhula, khala chete, loza, dikira maso abwerere, pitiriza. Womasulira amatsaliranso m'mbuyo pang'ono, ndiye wodwala akagwedeza mutu, kawirikawiri akuvomera chiganizo chapitacho, osati chimene mwangomaliza.

Za achibale tinanena mosabisa. Mwana asamasulire za matenda a kholo lake. Mwamuna asamasulire pamene mkazi wake akufunsidwa za mabala, za kulera kapena za matenda opatsirana pogonana. Wachibale amafupikitsa nkhani, amabisa zoopsa pofuna kumuteteza, ndipo nthawi zina ndi iyeyo amene anavulaza wodwalayo.

Sewero lalikulu la sabatayi linali la pawindo la mankhwala, popanda womasulira, popeza ndi mmene zimakhalira nthawi zambiri. Mphunzitsi wosamva anakhala wodwala wa chifuwa amene walemberedwa amokisilini, kapisozi mmodzi wa mamiligalamu 500 katatu pa tsiku kwa masiku 5, onse pamodzi 15. Wa ku famase analemba "1 x 3" pakathumba, anakweza zala zitatu, wodwala anagwedeza mutu. Titamupatsa mabatani m'malo mwa makapisozi kuti asonyeze mmene akamwere, anatola atatu n'kuwaponya kukamwa nthawi imodzi. Sikuti ankachita dala kuti avute. Zala zitatu zija sizinena ngati ndi makapisozi atatu, katatu, kapena masiku atatu.

Wa ku famase wachiwiri anajambula dzuwa likutuluka, dzuwa lili pamutu, dzuwa likulowa. Zinali bwino, koma theka la dzuwa pamzere limaoneka chimodzimodzi kaya ndi m'mawa kaya ndi madzulo, ndipo za masiku 5 zija sizinaoneke paliponse. Chimene chinagwira ntchito ndi tebulo lojambula papepala: mizere isanu ya masiku, uliwonse ndi mabokosi atatu, pamwamba pake mawotchi osonyeza 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku, pa womalizawo pali mwezi ndi bedi. Wa ku famase anaika batani limodzi m'bokosi loyamba, analitola, anachita ngati wamwa, n'kuchonga bokosilo. Kenako anapereka mabatani onse kwa wodwala. Wodwala atadzaza yekha mabokosi 15, limodzi limodzi, panalibenso chifukwa chofunsa ngati wamva.

Panatsala chinthu chimodzi chimene ophunzira onse anaiwala. Amokisilini ndi wa m'banja la penisilini, ndipo munthu amene thupi lake limadana ndi penisilini akhoza kutupa nkhope, kubanika, ngakhale kufa. Funso la ngati mankhwalawa anamuchitapo zoipa silingayankhidwe ndi kugwedeza mutu. Tapempha kuti pakhale khadi la zithunzi: kapisozi, muvi, khungu la zidzolo, nkhope yotupa, munthu akubanika, ndi muvi wobwerera kuchipatala. Ngati pali kukayika, fufuzani mufayilo yakale ndipo pezani womasulira, ngakhale wa pavidiyo ya pafoni, mankhwala asanaperekedwe.

Sabata yachiwiri: odwala osaona

Gulu lokonza linafuna kumanga ophunzira nsalu kumaso kuti "alawe" kusaona. Aphunzitsi athu osaona anakana, ndipo ndikugwirizana nawo. Womangidwa nsalu kwa mphindi khumi amangophunzira mantha, n'kutuluka akuganiza kuti wosaona sangachite kanthu payekha. M'malo mwake wophunzira aliyense anayenda ndi mphunzitsi wosaona kuchoka pakhomo kukafika pabedi loyezera, mphunzitsiyo akumukonza.

Kutsogolera kuli ndi njira yake. Funsani kaye ngati akufuna thandizo. Akavomera, iye ndiye amagwira mkono wanu pamwamba pang'ono pa chigongono, inu muli theka la phazi kutsogolo. Musamukankhe, musamukoke, musagwire ndodo yake. Pamalo opanikiza mumapinda mkonowo kumbuyo kuti abwere pambuyo panu. Pamasitepe mumaima kaye n'kunena ngati ndi okwera kapena otsika. Pampando mumaika dzanja lake pa chotsamira, zotsalazo amaliza yekha. Izi ophunzira anazigwira tsiku lomwelo.

Zovuta zinali za pakamwa. Namwino wina analowa, anagwira mkono wa mphunzitsi n'kuyamba kumanga lamba woyezera bipi osanena kanthu. Mphunzitsiyo anangofunsa mofatsa kuti, "Pepani, ndinu ndani, ndipo mukundimanga chiyani?" Tinabwereza mpaka zitamveka motere: "Mayi, ndine namwino wa m'chipinda chino, tilimo awiri ndi wophunzira mmodzi, kodi akhale kapena atuluke? Ndikufuna ndikuyezeni bipi. Ndigwira mkono wanu wamanja tsopano, lamba afinya pang'ono." Potuluka nenaninso kuti mukutuluka, kuti munthu asatsale akulankhula ndi khoma. Mawu akuti "apa", "uko", "awa" achotsedwe, m'malo mwake "kumanzere kwanu", "masitepe atatu kutsogolo".

Pa mankhwala, mabotolo awiri ofanana tinawasiyanitsa ndi mphira: mphira mmodzi pa la m'mawa, awiri pa la usiku, wodwala atasankha yekha chizindikirocho ndi kukhudza piritsi la mtundu uliwonse. Kenako wa ku famase amasokoneza mabotolowo patebulo n'kunena kuti, "Tandipatseni a usiku." Malangizo angathe kujambulidwa mawu pafoni ya wodwalayo. Ophunzira ambiri ankaganiza kuti yankho ndi zilembo zotukuka zija anayambitsa Louis Braille cha m'ma 1824, za timadontho sikisi. Ndi zofunika kwa amene amaziwerenga, koma osaona ambiri anasiya kuona atakula ndipo sanaziphunzire, komanso wodwala shuga amene zala zake zinachita dzanzi satha kuzimva bwino. Ena amaonako pang'ono ndipo amangofuna zilembo zikuluzikulu zakuda papepala loyera. Pepala lachilolezo cha opaleshoni liwerengedwe lonse mokweza, pamalo obisika, osati kungoika chala cha munthu pamzere wosainira.

Sabata yachitatu: odwala a ulumali wa muubongo

Iyi ndiyo sabata imene inatitengera mphamvu. Choyamba kunali kulekanitsa ulumaliwu ndi matenda a maganizo, chifukwa ophunzira angapo ankaziika m'thumba limodzi. Chachiwiri kunali ulemu: bambo wa zaka makumi anayi ndi "inu", si "iwe", ndipo safunika kumulankhula ndi kamawu ka ana.

Tinayeserera mafunso. Funso la inde kapena ayi limabala "inde". Funso la kusankha pakati pa ziwiri nthawi zambiri limabala chomalizacho, chifukwa ndicho chatsala m'khutu. Njira yodziwira ndi yosavuta: funsani motembenuza pakapita kanthawi. Mukafunsa "Mumagona bwino?" n'kumva inde, kenako "Mumavutika kugona?" n'kumvanso inde, ndiye kuti simunapeze yankho. "M'mimba kapena pachifuwa?" akati pachifuwa, ndipo "Pachifuwa kapena m'mimba?" akati m'mimba, chimodzimodzi. Zikatero siyani mafunsowo, nenani kuti "Ndilozereni pamene pakupweteka." Ganizo limodzi pa chiganizo chimodzi, kenako khalani chete masekondi khumi. Masekondi khumi ndi aatali modabwitsa kwa dokotala wozolowera mzere wautali; ambiri ankafika pa atatu n'kubwereza funsolo ndi mawu ena, wodwala n'kuyambiranso kuganiza. Za nthawi musafunse kuti "masiku angati", mangirirani ku chinthu chodziwika: zinayamba mlongo wanu asanabwere kapena atabwera? Nkhani zokuluwika zipeweni. Mukati "tikutengani magazi", wina amamva kuti onse. Muonetseni kabotolo kake.

Nkhani imene tinaigwiritsa ntchito inali yopeka koma yofanana ndi zimene zimachitika kawirikawiri. Mnyamata wa zaka 28, wolankhula mawu ochepa, amene amamwa mankhwala a khunyu, wabwera ndi amayi ake. Kwa sabata ndi theka wakhala akukuwa usiku, akukana kudya, ndipo anamenya mng'ono wake. Mphunzitsi wathu anasewera mnyamatayo, womuthandiza anasewera amayi. Madokotala oyamba analankhula ndi amayi okha, ndipo pasanathe mphindi zochepa anali akulemba mankhwala oziziritsa mtima. Palibe anamukhudza pamimba.

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu ya odwalawa: chilichonse chatsopano chimakankhiridwa ku ulumali. Koma ulumali wake ndi wa kuyambira ubwana, pamene kukuwaku ndi kwa sabata ndi theka. Khalidwe likasintha mwadzidzidzi mwa munthu amene sangathe kunena kuti "ndikumva kupweteka", yambani mwafufuza thupi: mano, makutu, mkodzo, chimbudzi, mabala obisika, mankhwala amene asinthidwa posachedwa, komanso ngati wina akumuzunza. Dokotala amene anachita bwino anayamba ndi kupereka moni kwa mnyamatayo, anapempha chilolezo chake kuti afunseko amayi, ndipo anafunsa funso labwino koposa la sabata yonse: "Mayi, akakhala bwinobwino amakhala wotani, ndipo akamva kupweteka mumadziwira chiyani?" Kenako anaonetsa pamimba pake pomwe chimene akufuna kuchita, anadikira, n'kuyeza akuyang'ana nkhope ya wodwala, osati dzanja lake. Pa khadi la sewero panalembedwa kuti mimba ndi yotupa ndi yolimba, ndipo chimbudzi sanachite masiku ambiri. Kudzimbidwa n'kofala kwa anthu a ulumaliwu, ndipo mankhwala ena oziziritsa mtima amakuwonjezera. Mankhwala amene oyamba aja ankalemba akanangokulitsa vutolo. Kudzimbidwako kukasiyidwa, kungathe kutseka matumbo. Chimbudzi chamadzi chodontha sichitsutsa zimenezi, chifukwa chimatha kudutsa m'mbali mwa cholimba chija.

Wina anafunsa ngati sitikukokomeza. Kafukufuku wa ku England amene anatuluka mu 2013, wotsogoleredwa ndi yunivesite ya Bristol, anaunika imfa za anthu 247 a ulumaliwu ndipo anapeza kuti amuna ankamwalira zaka 13 msanga, akazi zaka 20 msanga, poyerekeza ndi anthu ena onse. Kuchedwa kupeza matenda ndi kuchedwa kupereka chithandizo zinali pakati pa zifukwa zikuluzikulu, m'dziko lomwe zipatala ndi zipangizo zilipo.

Pa chilolezo tinatsindika kuti ulumali paokha suchotsa ufulu wosankha. Kutha kusankha kumayezedwa pa nkhani imene ilipoyo, munthu atathandizidwa ndi zithunzi, zipangizo zenizeni ndi nthawi yokwanira: kodi wamvetsa, wasunga m'mutu kwa kanthawi, wayeza ubwino ndi kuipa, ndipo wanena chimene wasankha? Munthu angathe kusankha yekha za jakisoni koma n'kufuna thandizo lalikulu pa za opaleshoni. Malamulo a amene angasankhire munthu wina amasiyana m'mayiko, ndiye gawo limenelo aliyense atsate la kwawo. Chosasintha n'chakuti siginecha ya woperekeza si umboni woti wodwala anafunsidwa.

Patatha mwezi: kubwerera m'zipinda

Tabwerera ndi pepala loonerera lija. Zooneka ndi maso zakhazikika: anthu akudzitchula mayina, akupereka chigongono, akutembenukira wodwala. Ku famase tebulo la mabokosi alikonda mpaka akuligwiritsa ntchito kwa okalamba ndi osadziwa kuwerenga. Chimene chikubwerera m'mbuyo ndi chija tinati ndicho muyeso. Mzere ukatalika, "Mwamva?" wabweranso. Ena akuti amaopa kuoneka ngati akuyesa wodwala mayeso, ndiye tawapatsa mawu oika mtolo pa iwo eni: "Ndikufuna ndione ngati ndafotokoza bwino. Tandionetseni mmene mukamwere mukafika kunyumba."

Madandaulo a nthawi ndi oona ndipo maphunziro sangawathetse. Kuonana kudzera mwa womasulira kumatenga nthawi yaitali, kwa wochedwa kumvetsa chimodzimodzi. Tapempha oyang'anira kuti odwala oterewa azipatsidwa nthawi ya anthu awiri, ndipo amene phokoso ndi kudikira zimawasokoneza azionedwa koyambirira. Yankho silinabwere. Womasulira wa usiku ndi wa kuchipinda chochirira amayi palibe, ndipo mayi wosamva amene akubereka magetsi atachepetsedwa, azamba atavala masiki, amakhala alibe njira iliyonse yomvera. Azamba apempha phunziro lawolawo ndipo tavomera kuti likhale lotsatira.

Taonanso kuti kugawa maphunziro patatu kwasiya mpata. Kunabwera gogo wina wosaona amenenso makutu anayamba kufooka, ndipo namwino anasowa kuti atsate sabata iti. Gawo la anthu osamva komanso osaona, la kulemba zilembo pachikhatho ndi zizindikiro zokhudza, tiliwonjezera tikapeza mphunzitsi amene amakhala moyo umenewo.

Mwezi ukubwerawu tisindikiza kapepala komata pachikuto cha fayilo, kolembedwa ndi wodwala kapena pamodzi naye: ndimalankhulana ndi anthu motere, ndikamva kupweteka ndimachita motere, muitane uyu ndikavomera. Aphunzitsi athu apempha kuti azibwera ngati odwala wamba osadziwitsa tsiku, oyang'anira okha akudziwa, kuti tione zimene zimachitika ife a mapepala tikakhala kulibe. Antchito a usiku sanaphunzirebe, ndipo ndandanda yawo tikuyembekezera Lolemba.